Tsabola wanga akutayikira m'katoni: vuto ndi botolo kapena chitsekero?

Make Chisomo (Lilongwe): Moni nonse pagulu pano. Ndimapanga tsabola wa kambuzi wa m'mabotolo ndipo ndimagulitsa m'maokala kwathu kuno, wina ndimatumiza ku Mzuzu pa basi. Ndimathira m'mabotolo apulasitiki oonekera mkati aja a 250 ml, zitsekero zofiira zamazinga. Ndikamatseka pamakhala pouma bwinobwino. Koma sabata isanathe amene ndimawapatsira ku Mzuzu akuimba kuti katoni yanyowa, masitika amatuka, ndipo mabotolo ena ukatsegula amachita kupsi! tsabola n'kukwera yekha kutuluka. Oda yapitayi anandibwezera pafupifupi theka. Ndisinthe zitsekero kapena ndisinthe mabotolo? Ndithandizeni, ndalama ikulowa m'madzi.

Achimwene a ku Ndirande: Zitsekero zimenezo mayi. Dulani kapepala ka jumbo, muike pakamwa pa botolo kenako mutseke mwamphamvu. Azimayi a thobwa amatero ndipo silitayika ngakhale pa kabaza.

Nasibeko (Zomba): Make Chisomo, ndisanayankhe ndifunseko zinthu zingapo. Mumathira tsabolayo ali wotentha kapena atazizira? Mumaikamo chiyani, ndipo viniga wochuluka bwanji? Komanso mabotolo amene atsala kunyumba, osakwera basi, mukawafinya ndi ofewa ngati tsiku lotsekera kapena alimba ngati botolo la zakumwa za gasi?

Make Chisomo (Lilongwe): Ndimadikira azizire mayi, chifukwa akakhala wotentha botolo limakwinyika n'kupindika khosi. Ndimaphika madzulo, n'kuthira mmawa. Poto mmodzi amakhala kambuzi 2 kg, tomato 2 kg, anyezi ndi adyo pafupifupi 1 kg, mchere, mafuta pang'ono, ndi viniga kapu imodzi. Ndapita kukafinya amene ali m'kabati, atatu alimba gwa, limodzi pansi pake patupa moti likulephera kuima.

Nasibeko (Zomba): Ndiye musataye ndalama pa zitsekero zina kaye. Botolo lolimba chotero likutiuza kuti mkati mukupangika mpweya. Tsabola wanu akusasa ali m'botolo, mpweyawo ukukankha, ndipo ukutulukira pamene pali pofooka, ndiye pamazinga. Basi ikungofulumizitsa zinthu ndi kutentha kwa m'buti komanso kukhutchumula. Mukapeza chitsekero chogwira kwambiri, kutayikira kudzasiya koma botolo lidzaphulika pashelefu ya munthu.

Chimene chikuchitika n'chakuti moto wa pophika umapha tizilombo tambiri, koma usiku wonse umene poto akuzizira, tizilombo tina tikulowanso kuchokera mumpweya, pa chipande, pa fanelo, ndi m'botolo lenilenilo limene silinaonepo kutentha. Tomato ndi anyezi ali ndi shuga wokwanira kutidyetsa. Viniga kapu imodzi pa zinthu zolemera 5 kg ndi wochepa kwambiri kuti atiletse. Mabotolo amenewo musagulitsenso, ndipo musalawe kuti muone ngati akadali bwino.

Achimwene a ku Ndirande: Koma jumbo imathandiza ndithu, ine ndaona ndi maso.

Nasibeko (Zomba): Imathandiza pa thobwa achimwene, chifukwa thobwa limamwedwa tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo kapepalako kakungotseka mpata wa chitsekero chakale chimene chinatha mazinga. Pa tsabola wokhala miyezi pashelefu, makwinya a pepalalo amasanduka tinjira timene mafuta amayendamo, ndipo wogula akaona jumbo pakamwa amadziwiratu kuti botolo ndi lotola.

Wa Mabotolo (Limbe): Ine ndimagulitsa mabotolo ndi zitsekero, ndiye ndinenepo mbali yanga. Tembenuzani botolo muone pansi, pali kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala mkati. Nambala 1 ndi PET, ndiye oonekera mkati amene mukugwiritsa ntchitowo, ofanana ndi a madzi akumwa. Amenewa amayamba kufewa kutentha kukafika cha m'ma 60 mpaka 70 digiri, n'chifukwa chake akukwinyika. Nambala 2 ndi HDPE, oyera osaonekera bwino aja ngati a mkaka kapena zigubu, amapirira kutentha kuposa a nambala 1. Nambala 5 ndi PP, amapirira ngakhale madzi owira, ndipo zitsekero zambiri zimakhala za nambala 5 kapena 2.

Chinanso chimene chimapweteketsa anthu ndi kugula mabotolo kwina, zitsekero kwina. Munthu amangoti ndipatseni za 28 mm. Komatu 28 mm ndi kukula kwa kamwa chabe. Pali khosi lalitali lakale ndi khosi lalifupi limene lili pa zakumwa zambiri masiku ano, m'makatalogi amalemba PCO 1810 ndi PCO 1881. Chitsekero cha lina chimalowa ndithu pa linzake n'kuoneka ngati chagwira, koma sichikhala pansi mokwanira. Muzipita ndi botolo lanu pokagula, mutseke pomwepo, mulifinye pafupi ndi khutu. Mukamva kampweya kakutuluka, zisiyeni.

Make Chisomo (Lilongwe): Zanga ndinagula malo amodzi bambo. Koma ndaona kuti mkati mwa chitsekero mulibe kanthu, ndi pulasitiki yokhayokha.

Wa Mabotolo (Limbe): Yang'anitsitsani padenga pa chitsekerocho. Zina zimakhala ndi kamkombero kotumphuka kamene kamalowa m'kamwa mwa botolo n'kugwira m'mbali, zimenezo sizifuna china. Zina ndi zosalala, ndipo zosalalazo zimafuna kachidutswa kofewa kozungulira kamene timaika mkati. Ngati chanu n'chosalala ndipo mulibe kachidutswako, ndiye kuti pulasitiki yolimba ikungokhudzana ndi pulasitiki inzake. Madzi mwina sangadutse, koma mafuta amadutsa.

Make Chisomo (Lilongwe): N'chosalala. Ndiye kuti mavuto ndi awiri.

Nasibeko (Zomba): Eya ndi awiri, koma loyamba kukonza ndi la kusasa. Kwa tsabola ine ndimalimbikitsa galasi ndi chitsekero chachitsulo chatsopano, chija chokhala ndi timano mkati chimene umangopotokola pang'ono n'kugwira, ngati cha jamu. Mkati mwake muli mkombero wofewa ngati labala. Chifukwa chake n'chakuti galasi limalola kuthira chinthu chotentha, ndipo kutenthako ndiko kumayeretsa botolo ndi chitsekero komwe.

Mmene ndimachitira ine ndi motere. Mabotolo ndimatsuka ndi sopo, n'kuwaika m'poto wa madzi ozizira, n'kuyatsa moto, awire mphindi 10. Ndimawasiya m'madzi otenthawo mpaka nthawi yothira, chifukwa galasi lozizira likakumana ndi tsabola wowira limasweka. Zitsekero ndimangoziviika m'madzi otentha, osaziwiritsa nthawi yaitali. Tsabola achoke pamoto n'kulowa m'botolo asanatsike pansi pa 85 digiri. Choyezera kutentha cha kukhitchini chigulidwe, dzanja silingakuuzeni. Ndimavuula mabotolo awiri kapena atatu basi nthawi imodzi, kuti poto asazizire ndikulimbana ndi mzere wautali. Pamwamba ndimasiya mpata wa sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Kenako ndimapukuta mlomo wa botolo ndi kansalu koyera koviika mu viniga. Apa m'pamene ambiri amagwera, chifukwa njere imodzi ya kambuzi kapena kadontho ka mafuta pamlomo n'kokwanira kuti chitsekero chisagwire. Ndikatseka ndimaliimika chadodolido mphindi 5 kuti tsabola wotentha akhudze chitsekero ndi khosi lonse, kenako n'kulitembenuza, lizizire lokha posawomba mphepo.

Mawa lake dinani pakati pa chitsekero. Chikhale cholowa mkati, chosadumpha. Chikalira kuti thapu thapu, botolo limenelo silinagwire, liikeni mufiriji mudye pakhomo.

Mlongo wa ku Joni: Kuno anthu amangothira mafuta ambiri pamwamba pa tsabola, akuti mpweya sulowa ndiye sawonongeka. Ine ndimapanga wa adyo ndi mafuta okhaokha, wopanda viniga, ndipo anthu amaukonda. Bwanji osangotero?

Nasibeko (Zomba): Achemwali, apa ndikupempheni mumvetsere bwino chifukwa ndi nkhani ya moyo wa munthu. Mafuta amatchingadi mpweya, ndipo chuku sichimera pamwamba. Koma pali kachilombo kena kochokera m'dothi, kamene kamapezeka pa adyo ndi ndiwo zina, kamene kamakula bwino pamalo popanda mpweya ndi popanda kuwawasa. Poizoni wake amafoola minofu mpaka munthu kulephera kupuma, ndipo nthawi zina botolo silinunkha kapena kusintha mtundu. Kuwiritsa wamba sikupha mbewu zake. Chimene chimakaletsa kukula ndi kuwawasa, ndipo muyezo wake wotchedwa pH, umene umatsika kuwawasa kukamakula, ukhale pansi pa 4.6. Ife opangira pakhomo timafuna 4.0 kapena kutsika, kuti pakhale mpata ngati choyezera chalakwitsa pang'ono. Adyo wosaphika kapena tsabola wamuwisi m'mafuta opanda viniga akhale mufiriji ndipo adyedwe m'masiku ochepa. Musamuike pashelefu ya shopu.

Mlongo wa ku Joni: Ayi ndamva mayi. Nanga ndikagwiritsa ntchito tsabola wouma ndi adyo wokazinga mpaka kuuma?

Nasibeko (Zomba): Zikauma kwenikweni chiopsezo chimatsika kwambiri chifukwa kachilomboko kamafuna madzi. Vuto ndi kudziwa kuti zaumadi mpaka mkati. Zimenezo mukayezetse musanayambe kugulitsa.

Make Chisomo (Lilongwe): Nanga viniga ndiike wochuluka bwanji pa poto wangayu? Ndikuopa kuti makasitomala adzati wasanduka achali.

Nasibeko (Zomba): Onani pa botolo la viniga kuti alembapo 5%. Pa 5 kg yanuyo yambani ndi lita imodzi ndi theka, muphike, mugaye bwino, mutapeko pang'ono azizire, muyeze. Pali timapepala toyezera pH, koma tsabola wofiira amatidetsa mtundu n'kuvuta kuwerenga, ndiye kamakina koviika kaja n'kabwino ngati mungakapeze. Muyezenso mawa lake, chifukwa tizidutswa ta anyezi timatenga nthawi kuti viniga atilowerere ndipo nambala imatha kukwera. Ikakhala pansi pa 4.0 mokwanira, poto wotsatira mutha kuchepetsako viniga pang'ono n'kuyezanso, mpaka mutapeza pamene kukoma ndi chitetezo zikugwirizana. Mukapapeza lembani m'kope, ndipo musamasinthe. Kuwawasa kukakula, shuga pang'ono amakuphimba pakamwa osasintha muyezo. Ena amasakaniza viniga ndi madzi a mandimu, koma mandimu amasiyana mphamvu, ndiye kuyeza kumafunikabe.

Make Tadala (Salima): Pepani ndilowereko ndi yanga. Ine ndimapanga juwisi wa malambe ndi wa bwemba m'mabotolo a nambala 1 omwewo a 300 ml. Magetsi akazima tsiku lonse, mawa lake mabotolo atupa ndipo pamwamba pali thovu. Kodi nanenso ndithire viniga?

Nasibeko (Zomba): Ayi Make Tadala, malambe ndi bwemba n'zowawasa kale, viniga angokuonongerani kukoma. Mdani wanu ndi yisiti, amene saopa kuwawasa ndipo amakonda shuga amene mumathirayo. Kutentha kwa ku Salima amachita kusangalala nako. M'botolo la nambala 1 lothira zozizira, juwisi ameneyo moyo wake uli mufiriji basi, masiku ochepa. Pangani wochepa wotha msanga, madzi akhale owiritsa, mabotolo akhale atsopano. Mukafuna wokhala pashelefu, njira ndi yomweyo ya galasi ndi kuthira wotentha.

Achimwene a ku Ndirande: Kapena mankhwala aja osungitsa zakumwa, benzoweti. Supuni imodzi m'ndowa basi zatheka, galasi la chiyani.

Nasibeko (Zomba): Benzoweti amagwiradi ntchito m'zinthu zowawasa, pamenepo mwanena zoona. Koma sayezedwa ndi supuni. Mlingo wake sufika kupitirira galamu imodzi pa kilogalamu, pa zakumwa zambiri umakhala wochepera pamenepo, ndiye pamafunika sikelo yaing'ono yoona magalamu, ndipo malire enieni a chinthu chanu mukafunse ku Malawi Bureau of Standards. Ayeneranso kulembedwa pa sitika. Ndipo ngati juwisi walowa kale yisiti wambiri chifukwa cha ndowa kapena sefa yosatsuka bwino, mankhwalawo sangamubweze.

Wa Mabotolo (Limbe): Ine pa galasi ndikutsutsaniko pang'ono mayi Nasibeko. Galasi ndi lodula, ndi lolemera, ndipo pa basi ya ku Mzuzu amakweza matumba pamwamba pa katoni. Makasitomala anga ambiri a tsabola ali pa pulasitiki ndipo zikuwayendera. Viniga wokwanira, mchere, benzoweti woyeza bwino, kuthira ali wofunda cha m'ma 55 digiri, kenako kapepala kasiliva komatira pakamwa. Kamakina kam'manja komatira kamapezeka, umangoika kasilivako m'chitsekero, kutseka, n'kudina pamwamba masekondi ochepa. Botolo limenelo ngakhale uligoneke silidontha, komanso wogula amaona kuti silinatsegulidwepo. Kungoti kasilivako kagulidwe kogwirizana ndi mtundu wa botolo, ka nambala 1 sikamata bwino pa nambala 2.

Nasibeko (Zomba): Sindikukana bambo, makampani amatero. Koma pa 55 digiri kutentha sikukuyeretsa botolo, ndiye chitetezo chonse chatsamira pa viniga, mankhwala ndi ukhondo wa malo othirirapo. Munthu amene alibe choyezera pH ndi sikelo, ndipo akuthirira pakhonde, ine sindingamuuze kuti ayambire pamenepo.

Wa Mabotolo (Limbe): Choyezeracho mwanena nokha kuti chikufunika ngakhale pa galasi. Ndiye kusiyana kwake ndi sikelo yokha.

Bambo a Mpendadzuwa (Mchinji): Nkhani yakoma. Ife timayenga mafuta a mpendadzuwa ndi a mtedza, ndiye za kusasa sizitikhudza, koma kudontha ndiye matenda athu. Mafuta amakwera mazinga ngakhale botolo lili chiimire, makamaka likakhala padzuwa, chifukwa akatentha amafutukuka. Tinaona kuti kudzaza mpaka pakamwa kuti wogula asangalale ndiko kumanyowetsa makatoni. Pano timasiya mpata wa zala ziwiri pa botolo la lita, ndipo timagula mabotolo a mafuta enieni aja okhala ndi chitsekero chokhomera, chimene mkati muli kamphete kokoka. Amenewo mavuto anachepa. Botolo la nambala 1 pa mafuta lilibe vuto chifukwa timathira ozizira.

Chimene ndingachenjeze anzanga ndi madzi ndi dzuwa. Botolo mukalitsuka liume kwenikweni, kadontho kamadzi kotsalira pansi kamachititsa mafuta kuchita mitambo n'kuyamba kununkha msanga. Mafuta ongoyenga kumene tiziwasiya akhazikike m'mgolo n'kuwasefa, zotsalira za njere zisalowe m'botolo. Ndipo kuyala mabotolo oonekera mkati pabenchi pamsewu dzuwa lili phwee, mafuta amayamba fungo ngati la penti ndi kukanda pakhosi. Panja tiziikapo limodzi loonetsera, enawo akhale m'katoni.

Nasibeko (Zomba): Zoona bambo, ndipo kuwalako kumaononganso vitamini A. Paja mafuta ophikira ogulitsa m'dziko muno amayenera kukhala othira vitamini ameneyu, ndiye inu oyenga muzifunsa za zimenezo pamene mukukalembetsa.

Gogo Nachisale: Ana anga, ine ndimatola mabotolo a mayonezi ndi a jamu kwa anthu, ndimatsuka bwinobwino ndi madzi otentha n'kuikamo achali wa mango. Kodi mukuti ndisiye?

Nasibeko (Zomba): Agogo, botolo lagalasi lokha likhoza kubwerezedwa ngati mlomo wake uli wosalala. Yendetsani chala pamlomo ponse, mukamva pobenthuka ngakhale pang'ono, litayeni. Chimene sichibwerezedwa ndi chitsekero, chifukwa mkombero wofewa uja unadindika kale ndi botolo loyamba, ndipo pokandika viniga amadya chitsulo n'kuchita dzimbiri. Tengani botolo mupite nalo kwa ogulitsa akupatseni zitsekero zatsopano za muyezo wake, zambiri zimakhala 63 mm kapena 82 mm. A mayonezi ambiri masiku ano ndi apulasitiki, amenewo musathiremo zotentha. Ndipo botolo limene simukudziwa chimene munali, makamaka lapulasitiki, lisalowe m'khitchini. Anthu amasungiramo palafini ndi mankhwala a mbewu.

Wa Mabotolo (Limbe): Komatu mashopu akuluakulu salandira mabotolo obwereza agogo, amafuna onse ofanana ndi chizindikiro cha a Bureau.

Gogo Nachisale: Ine anga ndi a kutchalitchi ndi apamudzi pompano mwanangu. Zitsekerozo ndimutuma mdzukulu akandifunire.

Make Chisomo (Lilongwe): Ndawerengera. Galasi likundikwezera mtengo wa botolo lililonse ndithu, ndipo sindikudziwa ngati a maokala adzavomera. Ndikuganiza zoyesa poto mmodzi: theka m'galasi wotentha, theka m'pulasitiki yomweyi koma zitsekero zokhala ndi kachidutswa mkati, onse viniga watsopanoyu. Ndidziwa bwanji amene wapambana ndisanatumize?

Nasibeko (Zomba): Kudontha ndi kusasa muziyeze padera. Pa kudontha, pukutani mabotolo aume, muwagoneke cham'mbali pa pepala loyera usiku wonse, ena chadodolido. Kadontho ka mafuta kamaoneka msanga papepala. Apulasitikiwo muwamizenso m'beseni la madzi n'kuwafinya, muone ngati pakhosi pakutuluka tithovu. Pa kusasa, tengani angapo a mtundu uliwonse, mulembepo tsiku, muwaike pamalo otentha m'nyumba, ngati pashelefu yapafupi ndi malata, kwa masabata awiri. Muziyang'ana ngati pulasitiki yalimba, ngati chitsekero chachitsulo chatukuka, ngati muli tithovu tokwera m'mbali, kapena madzi alekana ndi tsabola mosiyana ndi tsiku loyamba. Pomaliza tsegulani muyezenso pH. Masabata awiri sakukuuzani kuti tsabola atha miyezi ingati, amangokugwirirani poto woipa asanachoke pakhomo. Tsiku lothera ntchito lolemba pa sitika likufuna kuyezetsa ku labu. Ndipo pa poto aliyense amene mwagulitsa muzisungako botolo limodzi, kuti wina akadandaula mukhale ndi poonera.

Bambo a Mpendadzuwa (Mchinji): Potumiza, mabotolo aime chilili, pakati pawo muike zidutswa za katoni, ndipo katoni idzaze kuti asamagundane. Mujambule muvi kunja. Ngati n'kotheka mukhalepo pamene akukweza.

Make Tadala (Salima): Nanga galasi la juwisi la kamwa yaing'ono limapezeka kuti? Ine ndimangoona a jamu okhaokha. Ndinaganiza za mabotolo a zakumwa aja obweza, ndigule kamakina kokhomera zitsekero zamano.

Wa Mabotolo (Limbe): Obwezawo ndi a kampani mayi, ali ndi dzina lawo pagalasi, mungalowe nawo m'mavuto. Opanda dzina amabwera mwa apo ndi apo, ambiri ochokera kunja, ndipo amafuna kugula ochuluka nthawi imodzi. Mutapezana anthu anayi kapena asanu pagulu pano mutha kugawana oda imodzi.

Make Tadala (Salima): Ine ndilipo. Make Chisomo, inu mukufuna a 250 ml angati? Ndipo kamakina ka pH kaja mukakapeza ku Lilongwe mundiuze mtengo, mwina tingagule awiri.

Make Chisomo (Lilongwe): Ndidikire kaye masabata awiriwa ndione. Mawa ndikukafuna choyezera ndi zitsekero, Loweruka ndiphika. Mayi Nasibeko, mafuta aja ndimathira pang'onowa ndiwachotseretu kapena akhalebe?

Nasibeko (Zomba): Pa poto woyesayu achotseni kaye. Choyezera pH chimawerenga bwino popanda mafuta, komanso mlomo wa botolo suvuta kupukuta. Nambala zikakhazikika tidzaona zowabwezeramo, koma pang'ono, ndipo ophikira limodzi ndi tsabola, osati othira pamwamba.